Mpikisano Umene Umabala Mawu Akuti Buku ndi Sukulu

Mngerezi akamatchula dzina la chinthu chowerenga amangoti *buk* n'kutseka pakamwa. Mawuwo atalowa m'Chichewa anamera vawelo kumapeto, nakhala *buku*. Momwemonso *skul* anasanduka *sukulu*, *bas* anasanduka *basi*. Palibe komiti imene inakhala pansi kuti igwirizane zimenezi, komabe aliyense woyamwira Chichewa amadziwa kuti *buku* akumveka bwino pamene *bu* sakutanthauza kanthu. Nanga n'chiyani chimene chimasankha?

Mu 1993 akatswiri awiri a ku America, Alan Prince wa ku yunivesite ya Rutgers ndi Paul Smolensky amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Colorado, anapereka yankho m'chikalata chotchedwa *Optimality Theory*, chimene chinadzasindikizidwa ngati buku mu 2004. Akatswiri amangochitchula mwachidule kuti OT. Kale, potsatira buku la Noam Chomsky ndi Morris Halle la 1968, katchulidwe ka mawu kankafotokozedwa ndi malamulo ogwira ntchito motsatizana: loyamba lisinthe mawu, lachiwiri lilandire zimene loyamba lasiya. Prince ndi Smolensky anati nkhaniyi ndi ya mpikisano. Mawu amodzi angatchulidwe m'njira zambirimbiri, njira zonsezo zimayesedwa pa ziletso, ndipo imene yalakwa mopepuka koposa ndiyo imatuluka pakamwa.

Ziletsozi zili m'magulu awiri okokanakokana. Gulu loyamba limafuna kuti mawu akhale osavuta kutchula. Chitsanzo ndi NOCODA, chimene chimakana kuti phatikizo lithere pa konsonanti. Gulu lachiwiri limafuna kuti mawu asasiyane ndi mmene analowera. MAX chimaletsa kutaya liwu lililonse, DEP chimaletsa kuwonjezera liwu limene kunalibe. Mayina awiriwa anakhazikika ndi ntchito ya John McCarthy ndi Prince ya mu 1995. Pa mawu ngati *buk* n'zosatheka kukondweretsa ziletso zitatu zonsezi. Kuwasiya mmene alili n'kuphwanya NOCODA, kuchotsa *k* n'kuphwanya MAX, kuwonjezera *u* n'kuphwanya DEP. Wina ayenera kugonja basi.

Amene amagonja ndi amene ali pansi pa ndandanda, ndipo apa m'pamene pagona luso lonse la OT. Akatswiri amasonyeza zimenezi pa tchati chotchedwa tabulo. Ziletso zimalembedwa pamwamba, champhamvu kumanzere, chofooka kumanja, ndipo opikisana amandandalikidwa chotsika.

```
/buk/     NOCODA   MAX   DEP
  buk       *!
  bu                *!
☞ buku                    *
```

Kanyenyezi kalikonse ndi mlandu umodzi. Chizindikiro cha mfuwuliro chikusonyeza pamene wopikisana wagwera osadzukanso, ndipo kadzanja kakuloza wopambana. Woweruza amayambira kumanzere. Pa NOCODA, *buk* watuluka. Pa MAX, *bu* watuluka. Pofika pa DEP watsala *buku* yekha, motero mlandu wake ulibenso ntchito. Wopambana si wangwiro ayi, naye ali ndi kanyenyezi kake. Chamupulumutsa n'chakuti walakwira chiletso chaching'ono.

Mawu akuti *sukulu* amaonetsa china chimene ophunzira ambiri amaphonya, n'kumawerengetsa tinyenyezi ngati zigoli. Apa pakulowa chiletso chachinayi, *COMPLEX, chokana makonsonanti ounjikana koyambirira kwa phatikizo, monga *sk*. Wopikisana *skulu* wawonjezera vawelo imodzi koma wasiya *sk*. *Sukul* wamasula *sk* koma wathera pa konsonanti. *Ku* wataya *s* ndi *l*. *Sukulu* wawonjezera mavawelo awiri, ndiye kuti waphwanya DEP kawiri, pamene *ku* sanaiphwanye n'kamodzi komwe. Komabe *sukulu* ndiye amapambana, chifukwa mlandu umodzi pa chiletso chapamwamba umalemera kuposa milandu ingati ya pansi. Zili ngati pabwalo la milandu kumudzi: mfumu yaikulu ikagamula, anyakwawa ngakhale atakhala khumi sangatembenuze chigamulocho. Chiletso chapansi chimalankhula pokhapokha apamwamba akalephera kusiyanitsa opikisana. N'chifukwa chake palibe amene amati *isukulu* kapena *bukuku*: DEP, ngakhale ili pansi, imakana kuwonjezera kopanda chifukwa.

Wina angafunse za *mb* wa mu *mbuzi* kapena *nd* wa mu *ndalama*. Akatswiri ambiri a zinenero za Chibantu amawerenga amenewa ngati konsonanti imodzi yoyambira m'mphuno, motero *COMPLEX siiwakhudza. Nkhani za maphatikizo a Chichewa zinafotokozedwa mozama m'buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017, lofalitsidwa ndi Oxford University Press.

Mfundo yolimba mtima kwambiri ya OT ndi yakuti ziletsozi n'zimodzimodzi m'zinenero zonse, ndipo chimene chimasiyanitsa zinenero ndi masanjidwe okha. Chingerezi nacho chili ndi NOCODA, koma chinaiika pansi pa MAX ndi DEP, choncho *buk* amapambana osasintha. Chijapani chimachita ngati Chichewa, chimawonjezera mavawelo m'mawu obwereka. Njira yotaya liwu imamveka bwino kwa ana aang'ono ophunzira Chingerezi, amene pofuna kutchula supuni amati *pun* m'malo mwa *spun*: kwa iwo *COMPLEX ikadali pamwamba pa MAX. Ziletso zitatu za pa tabulo lija zingasanjidwe m'njira 6, koma zotsatira zake n'zitatu zokha, chifukwa chimene chimagamula ndi chiletso chokhala pansi penipeni. Motero chiphunzitsochi chimalosera mitundu ya zinenero imene ingapezeke ndi imene siingapezeke, ndipo ulosi wotere ungathe kuyesedwa.

Tabulo likalakwika limadziulula lokha. Mwina kadzanja kamaloza mawu amene palibe amene amawanena, kapena opikisana awiri amafanana tinyenyezi mpaka kumapeto. Tabulo la *buku* lili ndi vuto lachiwirili. Wina atalowetsamo *buki* ndi *buka*, onse angafanane ndi *buku*, aliyense kanyenyezi kamodzi pa DEP. Ziletso zitatu zija zikunena kuti vawelo iwonjezedwe, koma sizikunena kuti iti. Yankho lili pa mawu ena: *kapu* watenga *u* chifukwa *p* amatchulidwa ndi milomo, *basi* watenga *i* chifukwa *s* amatchulidwa ndi nsonga ya lilime, ndipo *buku* ndi *foloko* akubwereza vawelo yoyandikana nayo. Chilichonse mwa izi chimafuna chiletso chakechake, ndipo otsutsa OT amadandaula pomwepa, kuti katswiri akapanikizika n'kosavuta kupeka chiletso chatsopano. Dandauloli lili ndi pogwira.

Vuto lalikulu koposa limachokera ku mawu amene amasintha kawiri motsatizana. M'Chingerezi cha ku Canada, vawelo ya mu *write* imatchulidwa mokwererapo chifukwa cha *t* wotsatira, pamene ya mu *ride* siitero. Koma mu *writer* ndi *rider*, *t* ndi *d* onse amasanduka liwu limodzi lofanana, kukhudza kwa lilime kofulumira, komabe mavawelo aja amakhala osiyanabe. Chimene chinakweza vawelo chafufutika, koma zotsatira zake zatsala. Malamulo akale otsatizana ankafotokoza izi mosavuta: kukweza kuyambe, kufufuta kutsatire. OT yoyambirira imayang'ana zomveka pamapeto pokha ndipo imaweruza kamodzi, choncho imaloza wopikisana wolakwika. Pofuna kukonza vutoli, akatswiri monga Paul Kiparsky ndi McCarthy anabweretsa mitundu ina ya OT imene imaweruza m'magawo angapo, wopambana pa tabulo loyamba n'kukhala polowera pa lachiwiri. Mpaka lero akatswiri sanagwirizane kuti mwa njira zimenezi yolondola ndi iti.