Mpunga ndi womwewo, koma mawu apansi pa chithunzi asiyane

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali zithunzi zambiri za katundu wabwino zimene pansi pake palembedwa mawu awa okha: "Available. DM for price." Wogulitsa amaona ngati walemba zapamwamba. Koma mayi amene wagula bandulo ya tsiku limodzi, ndipo akufuna kungodziwa ngati ndalama yake ikwana, amangodutsa. Ena amalimba mtima n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Ndi zingati?" kapena "Muli mbali iti?" Mafunso awiriwa akachuluka, ndiye kuti makasitomala anena kale chilankhulo chimene akufuna, ndipo aonetsanso zimene wogulitsa anaiwala kulemba.

Apa ndi pamene wochita geni ayenera kuyambira. Asanadzifunse chilankhulo chimene iyeyo amachikonda, atsegule foni yake n'kuwerenga mauthenga a anthu amene anagulapo n'kulipira, osati ongoyamikira chithunzi. Munthu akafika pa nkhani ya ndalama amalemba m'chilankhulo chimene amamasuka nacho. Ngati ambiri amayamba ndi "Mwaswera bwanji, mpunga ulipo?" palibe chifukwa chowayankhira ndi Chingerezi cha m'kalata yofunsira ntchito.

Tiyerekeze mayi wa ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe amene amaoda mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kumaugulitsa m'matumba a makilogalamu 5 ndi 25. Makasitomala ake ali m'magulu atatu, ndipo aliyense amamuona pa malo osiyana.

Gulu loyamba ndi amayi a m'dera lake, a kutchalitchi ndi a ku banki mkhonde. Awa ali ndi nambala yake ndipo amaona zimene waika pa WhatsApp, zimene zimafufutika pakatha maola 24. Kwa iwowa Chichewa ndicho chimagwira ntchito: "Mpunga wa Kilombero wafika lero, wonunkhira, wopeta kale. 5kg K20,000. Tili ku Area 25 pafupi ndi msika wa Nsungwi. Airtel Money kapena Mpamba." Mtengowu ndi wachitsanzo chabe, koma taonani mawu akuti "wopeta kale". Mayi aliyense amene anakhalapo ndi lichero masana onse akuchotsa timiyala akudziwa phindu lake nthawi yomweyo. Chingerezi chikhoza kunena kuti mpungawo ndi woyera, koma sichimukumbutsa mayiyo za ntchito imene wapulumuka.

Gulu lachiwiri ndi la malo ogona alendo, malesitilanti ndi maofesi. Wogula zinthu kumeneko mwina ndi Mmalawi wolankhula Chichewa bwinobwino, koma uthengawo amautumiza kwa bwana kapena kwa wowerengera ndalama, amene nthawi zina ndi mlendo m'dziko muno. Amafuna kuona kulemera kwa thumba, mtengo wa matumba ambiri, masiku obweretsera katundu komanso ngati lisiti limaperekedwa. Apa Chingerezi chachifupi ndi cholongosoka chimathandiza, chifukwa mapepala a m'maofesi amayenda m'Chingerezi. Vuto limabwera wogulitsa akadzikakamiza kulemba ziganizo zazitali zimene sangathe kuziongola. Mizere inayi yosalakwika imapatsa chikhulupiriro kuposa ndime yonse yokhotakhota, ndipo si manyazi kupempha mnzako wodziwa kuti ayang'ane kaye usanaike.

Gulu lachitatu ndi ana a kuno amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, ofuna kugulira makolo awo mpunga wa Khirisimasi. Anthuwa amawerenga Chingerezi tsiku lililonse, koma chimene chimawaimitsa pa chithunzi ndi mawu a kwawo. Kusakaniza kumayenera apa, malinga kukhale ndi dongosolo. Mzere woyamba ukhale wa Chichewa, wolankhula ndi mtima: "Muli kutali? Tikawasiyira amayi pakhomo pomwe." Mizere yotsatira, yofotokoza kalipiridwe ndi madera amene katundu amafika, ikhoza kukhala ya Chingerezi.

Kusakaniza kumeneku si chinthu chachilendo. Amalawi a m'tauni amalankhula chonchi kale, ndipo makampani akuluakulu anazindikira zimenezi kalekale. TNM inatcha ntchito yake yotumizira ndalama Mpamba, ndipo ngongole ya mayunitsi inaitcha Pasavute, pamene ya Airtel ndi Kutapa. Dzina lokopa ndi la Chichewa ngakhale malamulo ake atalembedwa m'Chingerezi. Chimene chimaononga ndi kusintha chilankhulo pakati pa chiganizo popanda chifukwa, mpaka wowerenga wa Chichewa n'kuphonya theka, wa Chingerezi n'kuphonyanso theka linalo. Kulemba uthenga wonse kawiri nakonso kuli ndi msampha wake. Facebook imadula mawu ataliatali n'kusiya "See more", ndipo ambiri sadina pamenepo. Ngati Chingerezi chili pamwamba, Chichewa chonse pamodzi ndi mtengo chimabisika pansi. Choncho dzina la katundu ndi mtengo zikhale m'mizere iwiri yoyambirira, m'chilankhulo cha gulu limene limagula kwambiri.

Manambala amafuna kusamala kwapadera. Pa msika ndalama zimatchulidwa m'Chingerezi ngakhale pakati pa Chichewa, motero kulemba mtengo m'mawu a Chichewa kumangotalikitsa nkhani. Koma achinyamata amakonda kulemba "20k" kutanthauza zikwi makumi awiri, pamene K wa kutsogolo amatanthauza kwacha. Kwa agogo amene awerengeredwa uthengawo ndi mdzukulu, "20k" ndi "K20" zimafanana kwambiri. Kulemba K20,000 yonse kumathetsa mkangano usanayambe. Ndipo ngati pali basela kapena mtengo watsitsidwa, zilembedwe chimodzimodzi m'zilankhulo zonse ziwiri, kuti wina asabwere akuyembekezera zimene mnzake sanalonjezedwe.

Pali nkhaninso ya kusaka. Munthu wofuna mpunga m'magulu a malonda pa Facebook amalemba "mpunga" kapena "rice", ndipo amapeza zokhazo zimene zili ndi mawu amene walembawo. N'chifukwa chake dzina la katundu ndi lokhalo loyenera kulembedwa m'zilankhulo zonse ziwiri nthawi zonse, ngakhale uthenga wonse uli m'chimodzi.

Chichewa nachonso si chimodzi. Wogulitsa nsapato za kaunjika kwa ophunzira a ku koleji akhoza kulemba "aise" ndi "zili bho", zikamuyendera. Mayi wa mpunga uja akatero, amayi a kutchalitchi adzadabwa. Kwa iye "gulani" ndi "tiimbireni" ndiwo mawu, osati "gula" ndi "imba", pakuti ulemu wa pa msika sutha chifukwa choti malonda asamukira pa foni. Ndipo akafuna kufikira makasitomala a ku Mzuzu, akumbukire kuti kumeneko chilankhulo cha pakhomo ndi Chitumbuka. Ambiri amamva Chichewa, chimene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, koma moni wa Chitumbuka wolembedwa molondola amalandiridwa bwino, ndipo ena amakonda Chingerezi kuposa Chichewa.

Wokayikabe akhoza kuyesa popanda kuononga ndalama. Aike chithunzi chomwecho, pa ola lomwelo, Lachiwiri lino m'Chichewa ndipo Lachiwiri linalo m'Chingerezi, kenako mosakaniza. Asayerekeze tsiku la pakati pa mwezi ndi la kumapeto kwa mwezi, chifukwa malipiro akalowa chilichonse chimayenda. Alembe m'kope anthu amene afunsa ndi amene alipira, ndipo abwereze kangapo asanagamule. Akaona kuti funso lakuti "ndi zingati?" lachepa, m'malo mwake anthu akungofunsa nambala yotumizira ndalama, chilankhulo cha gulu limenelo wachipeza.