Simukumva kupweteka paliponse, koma bipi yanu ikhoza kukhala yokwera

Mwina munapita kuchipatala ndi chifuwa kapena malungo, ndiye namwino atakukulungani lamba uja pamkono, n'kukuuzani kuti bipi yanu ndi yokwera. Inu munadabwa. Mumadzuka m'mamawa, mumalima kapena kupalasa njinga mtunda wautali, mumadya bwino, mutu sukuwawa. Ndiye matendawo ali pati? Funsoli ndi lomveka, chifukwa matenda ambiri amene timawadziwa amadziulula okha. Malungo amatenthetsa thupi, dzino limakusowetsani tulo. Koma bipi siyendera malamulo amenewo, ndipo pali zifukwa zake zomveka bwino.

Dzina lake limasocheretsa

Pachichewa timati kuthamanga kwa magazi, ndipo dzinali limapangitsa anthu ambiri kuganiza kuti munthu wa bipi amamva mtima ukugunda mofulumira kapena magazi akuthamanga m'thupi. Chimene makina aja amayeza si liwiro ayi. Amayeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha yanu. Mtima ukhoza kumagunda pang'onopang'ono, modekha, koma mphamvuyo ili yaikulu kwambiri.

Makinawo amaonetsa manambala awiri. Ya pamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya kuti uwatulutse, ndipo ya pansi ndi mphamvu yotsala pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda kuwiri. Kwa munthu wamkulu, manambala oyandikira 120/80 ndi abwino. Ngati ya pamwamba ikufika 140 kapena kuposa, kapena ya pansi ikufika 90 kapena kuposa, ndipo zapezeka choncho pamasiku awiri osiyana, ndiye kuti muli ndi matendawa. Sipafunika kuti manambala onse awiri akwere. Imodzi yokha ndi yokwanira.

Timakondanso kunena kuti "wandikweza bipi" munthu akatikwiyitsa. N'zoona kuti mkwiyo, mantha kapena kuthamanga zimakweza bipi kwa kanthawi, kenako imatsika. Matenda amene tikukamba pano ndi ena: bipi imene imakhala yokwera mutakhala phee, mukucheza bwinobwino, popanda wokuputani.

Chifukwa chake thupi silikuuzani

Thupi lanu limamva msanga zinthu zimene zasintha mwadzidzidzi. Mukaimirira mofulumira bipi n'kutsika, mumamva chizungulire nthawi yomweyo. Koma bipi ya anthu ambiri imakwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. M'mitsempha ya m'khosi ndiponso pafupi ndi mtima muli timbali timene timayang'anira mphamvu ya magazi, koma bipi ikakhala yokwera kwa nthawi yaitali, timbalito timazolowera n'kuyamba kuiona ngati yabwinobwino. Palibe uthenga wa ululu umene umapita ku ubongo.

Chachiwiri, ziwalo zimene bipi imawononga zimapirira kwambiri. Impso iliyonse ili ndi tosefera ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Magazi akamalowa mwamphamvu, tosefera tina timawonongeka, koma totsalato timapitiriza ntchito, moti mumakodza monga mwa masiku onse. Kutupa kwa miyendo, kufooka ndi nseru zimabwera mbali yaikulu ya impso itawonongeka kale, ndipo tosefera tikafa sitiphukanso.

Mtima nawo umagunda pafupifupi ka 100,000 tsiku lililonse. Ukamapopa magazi molimbana ndi mphamvu yaikulu, mnofu wake umanenepa ndi kuuma, monga mmene manja a munthu wogwira khasu amachitira zikang'a. Kwa zaka zingapo mtimawo umakwanitsa ntchito yake ndipo inu simudziwa kanthu. Tsiku limene mudzayambe kubanika pokwera kachitunda kapena pogona chagada, mtimawo udzakhala utatopa kalekale.

Muubongo muli timitsempha topyapyala kwambiri. Mphamvu ya magazi imatifooketsa mpaka kamodzi kamaphulika kapena kutsekeka. Imeneyo ndiye sitiroko, imene ambiri timaidziwa ndi kufa kwa ziwalo mbali imodzi. Kwa anthu ena, chizindikiro choyamba cha bipi chimakhala chimenechi. Achibale amati zangochitika mwadzidzidzi, munthuyo anali bwinobwino dzulo, pamene mitsemphayo yakhala ikuwonongeka kwa zaka khumi kapena kuposa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Koma ikakwera ndimamva mutu"

Anthu ambiri amati amadziwa okha bipi yawo ikakwera chifukwa mutu umawawa kapena khosi limalemera. Vuto lake ndi lakuti mutu umawawa pa zifukwa zambiri: ludzu, njala, kusagona, dzuwa, nkhawa. Munthu amene bipi yake ili bwino amadwala mutu, ndipo munthu amene yake ili pa 170/105 akhoza kutha chaka mutu osamuwawa. Ukamawawa pomwe mwayeza n'kupeza bipi yokwera, mumakumbukira. Masiku ena onse amene inali yokwera mutu uli phee, simunayeze, ndiye simukuwadziwa. Mukadalira mutu, mudzamwa mankhwala masiku ochepa okha, ndipo masiku ambiri mitsempha idzakhala yosatetezedwa.

Kuti nkhaniyi si ya anthu ochepa, kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita m'dziko muno mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi bipi yokwera. Mwa anthu amenewo, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa. Anali anthu oyenda okha, ogwira ntchito zawo, akumudzi ndi a m'tauni omwe. Si matenda a anthu onenepa kapena olemera okha.

Tiyerekeze ndi munthu mmodzi

Tiyerekeze bambo wa zaka 46, woonda bwino, wochita bizinesi pamsika. Wapita kuchipatala atadzicheka ndi chikwanje, ndipo makina aonetsa 168/104. Iye akuti n'chifukwa cha ululu komanso wayenda mofulumira. Ali ndi mfundo, chifukwa zonsezi zimakweza bipi, ndipo kungoona dokotala kumaikwezanso kwa anthu ena. N'chifukwa chake achipatala saweruza ndi muyezo umodzi. Akumuuza kuti abwerenso patatha sabata, bala litapola.

Atabwera, akumukhazika pampando kwa mphindi zisanu asanamuyeze. Zikutuluka 160/100, ndipo atabwereza patapita mphindi ziwiri zikutuluka 158/98. Ululu palibe, sanathamange, koma manambala onse awiri ali pamwamba pa 140/90. Apa nkhani ya ululu ija yatha mphamvu. Akumupatsa mankhwala a amulodipini, piritsi limodzi patsiku, ndipo akumulangiza kuchepetsa mchere. Patatha miyezi iwiri bipi yake ili pa 132/84.

Pano ndi pamene ambiri amagwera. Bamboyo akuona kuti mmene akumvera m'thupi n'chimodzimodzi ndi kale. Sankadwala asanayambe mankhwala, sakudwala pano, ndipo manambala atsika. Akuganiza kuti wachira, n'kusiya. Masiku akudutsa osamva kanthu, ndipo iye akutenga zimenezi ngati umboni woti anachita bwino. Koma mankhwalawo sanachotse matenda, ankangoigwira bipi kuti isakwere. Akatha m'thupi, m'masiku kapena masabata ochepa bipi imabwerera pamene inali. Akanati ayezetse patatha mwezi, akanapezanso manambala oyandikira 160/100.

Onani kuti pa 160/100, pa 132/84, ndiponso itakweranso, bamboyo ankamva chimodzimodzi. Mmene munthu akumvera sizinathe kusiyanitsa nthawi imene anali pangozi ndi nthawi imene anali wotetezedwa. Makina okha ndi amene anatha kutero.

Nthawi zina mankhwala ndi amene amabweretsa zachilendo. Amulodipini amatupitsa akakolo kwa anthu ena, mankhwala ena amakodzetsa pafupipafupi, ena amayambitsa chifuwa chouma. Zikatere munthu amati, "Ndinali bwino ndisanayambe mapiritsiwa." Musasiye nokha. Bwererani kuchipatala mukafotokoze, chifukwa mitundu ya mankhwala a bipi ilipo ingapo ndipo akhoza kukusinthirani.

Yezetsani moti inu nomwe mukhulupirire

Ngati mukukayikira zimene munauzidwa, njira yabwino ndi kuyezetsanso mwadongosolo. Musasute fodya, kumwa khofi kapena kugwira ntchito yolemetsa kwa mphindi 30 musanayezedwe, ndipo yambani mwataya madzi. Khalani pampando kwa mphindi zisanu mutatsamira msana, mapazi onse ali pansi, osapingasa miyendo. Mkono ukhale patebulo molingana ndi mtima, lamba akulungidwe pakhungu osati pamwamba pa juzi, ndipo musalankhule makina akamayeza. Ngati muli ndi mkono waukulu, pemphani lamba wamkulu, chifukwa lamba wothina amaonetsa manambala okwera kuposa enieni. Lembani manambala onse awiri ndi tsiku lake m'buku lanu la kuchipatala, kenako mukayezetsenso tsiku lina.

Manambala akakhala pansi pa 140/90, yezetsanibe chaka ndi chaka, makamaka ngati mwadutsa zaka 40, muli ndi shuga, kapena kholo lanu linali ndi bipi kapena sitiroko. Akapitirira kawiri konse, tsatirani malangizo a achipatala ngakhale mukumva bwino. Kunyumba yambani ndi mchere. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu asanu patsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera wa m'ndiwo, wa mu usipa wouma wothira mchere, wa m'timibulu tokometsera ndiwo, ndi wowaza pachipisi kapena kanyenya. Kwa ena, kuchepetsa mchere ndi mowa, kuchepetsa thupi ndi kuyenda mokwanira kumatsitsa bipi ndithu. Kwa ambiri amene manambala awo akwera kwambiri, zimenezi zimayendera limodzi ndi mankhwala, sizilowa m'malo mwake.

Zizindikiro zikabwera

Pali nthawi imene bipi imadzionetsa, ndipo nthawi imeneyo si yodikira kuti kuche. Pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, kulankhula mosamveka, kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena mutu waukulu wodzidzimutsa limodzi ndi kusaona bwino, zonsezi zikufunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso ngati makina aonetsa 180/120 kapena kuposa: pumani mphindi zisanu, yezaninso, ndipo akakhalabe pamenepo kaonaneni ndi achipatala tsiku lomwelo ngakhale simukumva kanthu.

Zizindikiro zimenezi zimatanthauza kuti chiwalo china chayamba kale kuvulala. Zaka zimene mukumva bwino ndi zimene mankhwala ndi kusintha kadyedwe zingateteze impso, mtima ndi ubongo zikadali zonse. Kuyeza sikutenga mphindi khumi. Ulendo wotsatira mukapita kuchipatala, ngakhale mwangoperekeza mwana, pemphani akuyezeni ndipo funsani manambala onse awiri.