Pempho la Nthawi Yoonjezera ndi la Wowerengera pa Mayeso a Boma

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuchokera ku Mvera kukafika kwa Nthondo, muli amuna ndi akazi ambiri amene anasiya sukulu ali ana chifukwa zilembo zinkawakana, ngakhale nzeru anali nazo. Anthu otere atakula, atakwatira ndi kubereka, ena anayambiranso pa sukulu za kwacha, ena analowa m'makalasi a masana pa sekondale ya pafupi, ndipo tsopano akuyang'anizana ndi mayeso a bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Pakati pawo alipo amene akamva funso ndi khutu amaliyankha mosajejema, koma akalipenya papepala amalimbana nalo liwu ndi liwu, mwakuti belu lotsekera likamalira amakhala asanafike ndi pakati pomwe. Anthu amenewa ali ndi njira yopemphera nthawi yoonjezera kapena munthu wowawerengera mafunso, koma njirayo imatsegulidwa pa nthawi ya kalembera, miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo woyang'anira mayeso pa tsikulo alibe mphamvu yoitsegula, angakhale ali wachifundo chotani.

Vuto limeneli madokotala amalitcha disilekisiya, ndipo si lachilendo pa dziko lapansi. M'chaka cha 1896 dokotala wina wa ku Mangalande, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 amene anali wochenjera, wodziwa masamu, koma wolephera kuwerenga ndi kulemba mawu molongosoka. Gwero lake lili m'mene ubongo umalumikizira chilembo ndi kamvekedwe kake, kotero kuti munthu amawerenga mochedwa, amadumpha timawu ting'onoting'ono, amabwerera mzere womwewo kawiri katatu, ndipo liwu limodzi angathe kulilemba mosiyana pa tsamba limodzi. Kwathu kuno vutoli limabisala m'njira yakeyake. Chichewa chimalembedwa monga chimamvekera, choncho mwana amangoyendamo mwapang'onopang'ono osadziwika. Koma pofika Sitandade 5, pamene maphunziro ayamba kuperekedwa m'Chingerezi, chinenero chimene kalembedwe kake sikatsata kamvekedwe, mwana uja amagwa, ndipo akulu amaweruza kuti alibe mutu wa sukulu. Chiweruzo chimenechi n'cholakwa, ndipo ambiri achisenza mpaka imvi.

Maziko a pempholi ali m'malamulo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, gawo 25 limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro popanda kutchula msinkhu, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2012, limene linalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2024, linatsindika kuti malo ophunzirira asakhale otsekera aliyense kunja. Choncho wopempha nthawi yoonjezera sakupempha mphatso. Komabe tinene zoona, thandizo limene linakhazikika kale pa mayeso athu ndi la anthu amene vuto lawo limaoneka ndi maso, monga mapepala a zilembo za akhungu ndi mapepala a zilembo zikuluzikulu. Munthu amene maso ake ndi abwino, amene amayenda ndi kulankhula ngati wina aliyense, ayenera kubwera ndi umboni, pakuti wa ku Zomba sanamuonepo, ndipo chimene angaweruzire nacho ndi pepala lokha.

Tiyerekeze mayi wina wa kwa Malomo, wa zaka 38, amene akuphunzira Fomu 4 m'makalasi a masana ndipo akufuna kulemba mayeso a MSCE. Choyamba chimene ayenera kuchita, chaka cha sukulu chikangoyamba, ndi kupita kuchipatala kukayezetsa maso ndi makutu. Izi zingaoneke ngati kuzungulira, koma pa msinkhu umenewo maso ambiri amayamba kuvutika ndi zilembo zazing'ono, ndipo ngati magalasi athetsa vutolo, ndiye kuti nkhani yathera pomwepo. Ngati maso apezeka abwino koma kuwerenga kukadali kolemetsa, zimene dokotala walemba m'buku la kuchipatala zimakhala umboni woyamba, wotseka pakamwa aliyense wonena kuti mayiyu angogula magalasi.

Chachiwiri, ndiponso chachikulu, ndi kukumana ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ena pa za akhungu, ena pa za osamva, ndipo ena pa za ovutika kuphunzira, ndipo wofunika kwa mayi wathuyu ndi wa gulu lachitatuli. Mlangizi wa maphunziro wa m'dera, amene anthu amangomutcha a PEA, kapena ofesi ya maphunziro pa boma la Ntchisi kapena la Dowa, ndiwo angalondole kumene mphunzitsi wotere ali. Safunsa anadya phula. Kuyesa kwake sikulira makina: mphunzitsi apatse mayiyu ndime ya m'buku la Fomu 4 ndi mafunso ake, ayang'ane wotchi, alembe mphindi zimene zatha ndi mayankho amene akhoza, tsiku lina amupatse ndime ina yofanana nayo kulemera, koma amuwerengere mokweza, nalembenso zotsatira. Tinene kuti powerenga yekha mayiyu watha mphindi 25 pa ndime imene anzake amaliza m'mphindi 10, nakhoza mafunso 4 mwa 10, pamene atamuwerengera wakhoza 8. Kusiyana kumeneku ndiko umboni weniweni, chifukwa kukusonyeza kuti nzeru ya phunzirolo ilimo ndipo chotchinga chili pa zilembo. Koma ngati zotsatira zili zotsika mbali zonse ziwiri, vuto lili kwina, kapena Chingerezi sichinalowe, kapena phunzirolo silinamveke, ndipo wowerengera sangathandize kanthu. Munthu wotere akufunika maphunziro oonjezera, ndipo kumuuza zoona msanga ndi kumuchitira chifundo.

Akakhala ndi mapepala awiriwa, mayiyu alembe kalata kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene akulembetsera mayeso, pakuti wolemba mayeso aliyense, kaya ndi wa m'kalasi kaya wolembera padera, amafika ku MANEB kudzera pa malo amene walembetsera. M'kalatamo atchule dzina lake monga lalembedwera pa kalembera, maphunziro amene adzalembe, ndi chimene akupempha mochitchula dzina. Apa ambiri amaphonya, pakuti chifukwa cha ulemu amangolemba kuti "ndithandizeni pa vuto langa," ndipo mawu otere sauza aliyense choti achite. Alembe kuti akupempha nthawi yoonjezera pa mapepala akutiakuti, ndi munthu womuwerengera mafunso m'chipinda chapadera pa mapepala akutiakuti. Makalata onse awajambulitse, asunge ake, ndipo apemphe a hedi kuti adinde chidindo ndi kulemba tsiku pa kope lakelo. Masiku ano kalembera wa MANEB amalowetsedwa pa makina a kompyuta, choncho pa nthawi yotsimikizira maina, pamene aliyense amayang'ana ngati dzina lake ndi maphunziro ake zalembedwa bwino, mayiyu afunsenso ngati zalembedwa kuti ndi wofuna thandizo lapadera. Kalata yogona m'kabati ya a hedi siinafike kulikonse, ndipo madzi akatayika saoleka.

Woweruza pempholi ndi MANEB, ndipo angathe kuvomera zonse, kuvomera mbali, kapena kukana. Chifukwa cha ichi, wopempha adziwiretu malire a chimene akupempha. Ku Mangalande, kumene nkhani zotere zinakhazikika kale, nthawi yoonjezera imene imaperekedwa kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiko kuti mphindi 30 pa pepala la maola awiri; ndipo munthu wowerengera saloledwa pa gawo la mayeso limene cholinga chake ndi kuyesa kuwerenga kwenikweniko. Nzeru ya malire amenewa ndi yomveka kulikonse. Pa pepala la zaulimi kapena la mbiri yakale, chimene chikuyesedwa ndi kudziwa za nthaka kapena za mafumu, ndipo kumva funso ndi khutu sikuchotsa kanthu. Koma pa ndime ya Chingerezi kapena ya Chichewa yofuna kuti munthu awerenge ndi kumvetsa yekha, wowerengera akhoza kukhala kuti wagwira ntchito imene ikuyesedwayo. Popeza satifiketi ya MSCE siituluka popanda kukhoza Chingerezi, ndikulangiza mayiyu kuti pa pepala limeneli alimbikire pempho la nthawi, ndipo la wowerengera aliike pa maphunziro enawo, pakuti pempho lodziwa malire ake limamveka msanga.

Udindo wa wowerengera uli ngati wa Aroni, amene anapatsidwa kwa Mose kuti akhale pakamwa pake, koma uthenga sunali wake. Amawerenga zimene zalembedwa, liwu ndi liwu, amabwereza akapemphedwa, koma safotokoza tanthauzo, samasulira m'Chichewa, ndipo sakweza mawu pa yankho loona kapena kugwedeza mutu. Sayenera kukhala m'bale wa wolembayo kapena mphunzitsi wake wa phunzirolo, ndipo woyang'anira mayeso akhalepo m'chipindamo, kuti pasadzakhale wonena kuti panali chinyengo. Alipo ena amene anazolowera foni yowerenga mawu mokweza, ndipo kunyumba iwathandizadi. Koma foni ndi yoletsedwa m'chipinda cha mayeso, ndipo wolowa nayo amatengedwa ngati wobera, chimene chingafafanizitse zotsatira zake. Chida chilichonse chowerenga chilowe pokhapokha pali chilolezo cholembedwa.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika, ndicho kuyeserera. Munthu amene sanayambe walembapo mayeso ndi wowerengera amachita manyazi kunena kuti "bwerezani," amathamangitsidwa ndi liwiro la mnzakeyo, ndipo thandizo lija limasanduka chisokonezo. Choncho mayiyu apemphe sukulu kuti pa mayeso a temu ndi pa mayeso oyeserera a Fomu 4 alembe m'njira yomweyo imene wapempha ku MANEB, ndipo zotsatira zake zisungidwe, chifukwa zimasonyeza kuti umu ndi mmene amagwirira ntchito masiku onse.

Yankho likachedwa, kapena likabwera lokana popanda chifukwa, asakhale pansi ndi kulira. Abwerere kwa a hedi ndi kope lake lodindidwa, apite ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, ndipo ngati kuli kofunika afike ku ofesi ya chigawo ku Kasungu, imene imayang'anira sekondale za Dowa ndi Ntchisi. Bungwe la FEDOMA, limene limaimira anthu aulumali m'dziko muno, ndi Bungwe la Ufulu wa Anthu la Malawi alinso ndi makutu pa madandaulo otere. Ndipo inu a hedi ndi aphunzitsi a makalasi a masana, popeza munthu wamkulu amaopa kuulula pamaso pa ana a msinkhu wa ana ake kuti zilembo zimamuvuta, musadikire kuti abwere yekha. Pa sabata yoyamba ya kalembera lengezani m'kalasi kuti pempho lotere lilipo, ndipo wofuna akupezeni pambali.