Timalota Kuti Tiyeserere Zoopsa Kapena Kuti Tisunge Zimene Taphunzira?

Munthu wamkulu akagona maola 8, pafupifupi maola awiri amathera m'tulo ta mtundu wapadera. M'tulo timeneti maso amayendayenda mofulumira kunsi kwa zikope, ubongo umakhala wotakataka, koma minofu ya manja ndi miyendo imalefukiratu. Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa Yunivesite ya Chicago ndiwo anatulukira tulo ta maso oyendayendati mu 1953. Timabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo timanka titalika kukamayandikira kucha. Anthu akadzutsidwa m'kati mwa tulo timeneti, pafupifupi 8 mwa 10 alionse amanena kuti analikulota. M'tulo tina munthu amalotanso, kungoti malotowo amakhala aafupi ndi osalongosoka kwenikweni.

Ofufuza akhala akufunsa ngati kulotaku kuli ndi ntchito. Mwa mayankho amene aperekedwa, awiri ndiwo amakambidwa kwambiri. Loyamba limati maloto ndi njira yoyeserera kuthana ndi zoopsa. Lachiwiri limati maloto amachokera ku ntchito imene ubongo umagwira usiku yokhazikitsa zimene munthu waphunzira masana.

Ganizo loyamba: kuyeserera zoopsa

Antti Revonsuo, katswiri wa maphunziro a ubongo ndi maganizo wa ku Finland, anafalitsa ganizoli mu 2000. Iye anayambira pa moyo wa makolo akalekale a anthu onse, amene ankakhala pakati pa zilombo, adani ndi ngozi za m'thengo. Amene ankafulumira kuzindikira choopsa ndi kuchithawa ndiye ankapulumuka n'kubereka ana. Revonsuo anati ubongo umapanga zoopsa zongoyerekeza usiku kuti munthu azolowere kuzizindikira ndi kuzipewa, thupi lake lili gone pamphasa osavulala. Ngati zili choncho, zinthu zitatu ziyenera kuoneka: maloto adzadze ndi zoopsa, amene akumana ndi zoopsa zenizeni azilota zoopsa kuposa anzawo, ndipo wolota azichitapo kanthu mwanzeru m'malotomo.

Mfundo yoyamba ili ndi umboni wolimba. Mu 1966 Calvin Hall ndi Robert Van de Castle anafalitsa zimene anapeza atasanthula maloto 1,000 a ophunzira a ku America. Pa malo onse pamene olota anatchula mmene ankamvera mumtima, pafupifupi 80 mwa 100 alionse anali mantha, mkwiyo, chisoni kapena kusokonezeka. Revonsuo ndi mnzake Katja Valli anapezanso kuti maloto awiri mwa atatu alionse a ophunzira a ku Finland anali ndi choopsa china chake, chikhalirecho ophunzirawo ankakhala pamtendere. Zithunzi za ubongo nazo zimasonyeza kuti amigidala, kachigawo kokhudzana ndi mantha, kamagwira ntchito kwambiri m'tulo ta maso oyendayenda.

Mfundo yachiwiri ndiyo yagawanitsa ofufuza. Mu 2005 Valli ndi anzake anayerekeza maloto a ana a Chikurdi a kumpoto kwa Iraq, amene anaona nkhondo, ndi a ana a ku Finland. Ana amene anasautsidwa kwambiri ankalota zoopsa zambiri ndiponso zazikulu. Koma mu 2008 Susan Malcolm-Smith ndi anzake anayerekeza anthu a dera la ku South Africa kumene kumachitika zauchifwamba zambiri ndi anthu a dera labata la ku Wales. A ku South Africa anali atakumanadi ndi zoika moyo pachiswe kuposa anzawowo, komabe ndiwo anafotokoza maloto a zoopsa ocheperapo.

Kafukufuku yemweyo anagwedezanso mfundo yachitatu. Maloto amene wolota anapulumuka m'njira yotheka pamoyo weniweni sanafike ndi pa 2 mwa 100 alionse. Ambiri amadziwa loto lothamangitsidwa, miyendo n'kulemera, mawu okuwa osatuluka, mpaka kudzidzimuka mtima ukugunda. N'kovuta kufotokoza kuti loto lotere limaphunzitsa luso lanji. Anthu amene anapulumuka nkhondo kapena kugwiriridwa amatha kulota tsoka lomwelo kwa zaka zambiri, ndipo malotowo amawasowetsa tulo m'malo mowalimbitsa. Otsatira Revonsuo amayankha kuti phindu lagona pa kubwerezabwereza kuzindikira choopsa, osati pa kupambana m'loto, ndiponso kuti chimene chinathandiza makolo m'thengo sichiyenera kuthandiza munthu wa lero.

Ganizo lachiwiri: kukhazikitsa zimene taphunzira

Ganizo ili linayambira pa tulo, osati pa maloto. Mu 1924 John Jenkins ndi Karl Dallenbach a pa Yunivesite ya Cornell anapatsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo kuti aloweze, ndipo anaona kuti ankakumbukira tambiri akagona kusiyana ndi akakhala maso kwa nthawi yofanana. Zimene munthu wangophunzira zimayamba zagwiridwa ndi chigawo cha ubongo chotchedwa hipokampasi, kenako pang'onopang'ono zimakhazikika m'chikuto cha ubongo n'kulumikizana ndi zimene ankadziwa kale. Zili ngati chimanga chimene chaunjikidwa pabwalo chikudikira kusankhidwa ndi kulowetsedwa m'nkhokwe: china chimasungidwa, china chimatayidwa.

Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaona ntchito imeneyi ikuchitika mu ubongo wa makoswe ku Arizona. Mu hipokampasi muli maselo amene amatakataka khoswe akafika pamalo akutiakuti. Maselo amene anagwira ntchito limodzi khoswe akufunafuna chakudya anadzagwiranso ntchito limodzi khosweyo atagona tulo tofa nato. Ubongo unali kubwereza zimene unachita uli maso. Otsatira ganizoli amati loto ndi mbali ya kubwerezaku imene imafika poti wogona aione.

Kafukufuku amene analumikiza bwino maloto ndi kuphunzira ndi wa Erin Wamsley, Robert Stickgold ndi anzawo a ku Harvard, wa mu 2010. Anthu 99 anaphunzitsidwa kuyenda m'njira zosokeretsa za pakompyuta mpaka kukafika pamalo amene anauzidwa. Theka la iwo linapatsidwa mphindi 90 zogona masana, enawo anakhala maso, ndipo onse anafunsidwa zimene zinkadutsa m'maganizo mwawo. Patapita maola 5 anayesedwanso. Amene analota za njirazo anawonjezera liwiro lawo pafupifupi kakhumi kuposa amene anagona osazilota, pamene oganizira njirazo ali maso sanapindule chotero. Malotowo sanali kubwereza njira yeniyeni. Wina anangomva nyimbo ya pakompyutapo, wina anaona anthu ataima m'njiramo n'kukumbukira mapanga a mileme amene anapitako kale. Zatsopano zinasakanikirana ndi zakale, monga momwe ganizoli limanenera.

Malire a umboniwu ndi oonekeratu. Amene analota za njirazo anali anayi okha, ndipo ndi omwe zinawavuta kwambiri poyamba, kotero anali ndi mpata waukulu wowonjezera. Komanso mu 2003 Magdalena Fosse ndi anzake anapeza kuti pa maloto 299, ngakhale oposa theka anali ndi tizidutswa ta zochitika za masiku apafupi, 1 kapena 2 okha mwa 100 alionse ndi amene anabwereza chochitika chathunthu. Vuto lina n'lakuti umboni wamphamvu wa kukhazikika kwa mfundo ndi malo umachokera m'tulo tofa nato, pamene maloto aatali ndi ochititsa chidwi amachuluka m'tulo ta maso oyendayenda. N'zotheka ndithu kuti tulo ndito timasunga zophunzira, loto n'kungokhala chizindikiro chakuti ntchitoyo ikuchitika.

Loto la mayeso pamaso pa maganizo awiriwa

Loto limene ophunzira ambiri amalidziwa limaonetsa bwino pamene maganizowa amasiyana. Mu 2014 Isabelle Arnulf ndi anzake a ku Paris anafunsa ophunzira amene analemba mayeso ovuta olowera maphunziro a udokotala. Mwa 719 amene anayankha, pafupifupi 60 mwa 100 alionse analota za mayesowo pa nthawi ina asanawalembe. Maloto ambiri, pafupifupi 78 mwa 100 alionse, anali a mavuto, makamaka kuchedwa kufika ndi kuiwala mayankho. Zotsatira zitatuluka, olota za mayeso anakhoza bwino kuposa amene sanalote.

Wotsatira Revonsuo angati mayeso ndi choopsa cha masiku ano, ndipo amene analota atachedwa anadzuka watcheru, n'kulawira m'mamawa. Ganizo lake limafotokoza chifukwa chimene malotowo anali a kulephera osati a kupambana. Wotsatira ganizo lachiwiri angati amene anawerenga kwambiri anali ndi zambiri zoti ubongo ukhazikitse, motero mayesowo anatulukira m'maloto. Koma iye amavutika kufotokoza chifukwa chimene wophunzira amalota atasochera panjira m'malo molota mayina a mafupa amene analoweza. Pali kufotokoza kwachitatu kumene sikusowa lililonse la maganizo awiriwa: wophunzira wakhama amawerenga kwambiri ndipo amadanso nkhawa kwambiri, kotero khama lomwelo ndilo limabala loto ndi malikisi abwino. Kafukufuku wongofunsa anthu sangalekanitse njira zitatuzi.

Kusiyana kwenikweni

Maganizo awiriwa sayankha funso limodzi. La Revonsuo limakamba za loto lenilenilo, zimene wogona amaona ndi kumva, ndipo limafunsa chifukwa chimene kulota kunayambira m'mbiri ya anthu. Mphamvu yake ili pa zimene zimapezeka m'maloto, koma silinasonyeze kuti wolota zoopsa amapulumukadi bwino masana, ndipo silinena zambiri za maloto amtendere. Pofuna kutseka mpata umenewu, Revonsuo, Valli ndi Jarno Tuominen anadzawonjezera kuti maloto amayesereranso kukhala ndi anthu ena, poti maloto ambiri amadzaza ndi abale, anzathu ndi alendo. Ganizo lachiwiri lili ndi umboni woyezeka wochokera m'maselo a ubongo, koma umboniwo ndi wa tulo kuposa wa maloto. Awiriwa akhoza kukhala oona pamodzi, chifukwa zinthu zochititsa mantha ndi zimenenso ubongo umasunga mwamphamvu.

Chimene chimavuta poweruza n'chakuti wofufuza saona loto, amangomva zimene wodzuka wakumbukira, ndipo maloto ambiri amaiwalika m'mphindi zochepa. N'kovutanso kuchotsa loto popanda kusokoneza tulo. Mark Solms, wa ku South Africa, anasonyeza kuti anthu ena ovulala mbali zina za ubongo amasiyiratu kulota pamene tulo tawo ta maso oyendayenda tikupitirira. Kuyeza mmene anthu otere amakumbukirira zophunzira ndi mmene amazindikirira zoopsa ndi imodzi mwa njira zochepa zolekanitsira ntchito ya loto ndi ntchito ya tulo.