Tayala likakula, sipidomita imayamba kunama

Galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimafika kuno zili zotsika kunsi. Mwini wake akangomva kukhula pa bampu kawiri katatu, kapena mimba ya galimoto ikagunda mwala pa msewu wafumbi wopita kumudzi, amathamangira kwa ogulitsa matayala. Kumeneko malangizo amakhala amodzimodzi: "Bwana, ikanipo lalikulupo, galimoto ikwera." Zoonadi imakwera. Koma kuyambira tsiku limenelo, singano ya liwiro ndi manambala a mayileji sizinenanso zomwe zinkanena kale, ndipo madalaivala ambiri sadziwa.

Galimoto siiona msewu. Chomwe imadziwa ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mawilo azungulira. Pa galimoto zakale panali kachingwe kochokera ku giyabokosi kupita kuseri kwa dashibodi. Pa zatsopano pali sensa, ina pa giyabokosi, ina pa mawilo penipeni. Zonsezi zimangowerenga kuzungulira. Kenaka galimoto imachulukitsa nambala imeneyo ndi mtunda womwe tayala limayenda likazungulira kamodzi, ndipo mtunda umenewo anauika ku fakitale potengera tayala lomwe galimotoyo inatuluka nalo. Mukasintha tayala, palibe amene amaiuza galimoto. Imapitiriza kuwerengera ngati tayala lakale lija likadalipo.

Titenge Honda Fit yoyambirira ija, yomwe zambiri zinkabwera ndi matayala olembedwa 175/65 R14 m'mbali. Nambala yoyamba, 175, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yomaliza, 14, ndi kukula kwa limu m'mainchi, omwe ndi mamilimita pafupifupi 356. Yapakati ndiyo imasokoneza anthu. 65 si mamilimita ayi. Ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika pomwe likhudza msewu, ndi 65 peresenti ya kutambalala kuja, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 114. Khomalo lilipo pansi ndi pamwamba pa limu, choncho tayala lonse likaimirira limatalika mamilimita 583. Likazungulira kamodzi limayenda mamita 1.83.

Tsopano mwini galimoto waikapo 185/70 R14. Limu ndi yomweyo, ndipo poyang'ana ndi maso kusiyana kwake n'kochepa. Koma khoma lafika pa mamilimita pafupifupi 130, tayala lonse latalika mpaka 615, ndipo kuzungulira kamodzi ndi mamita 1.93. Masentimita khumi owonjezera pa kuzungulira kulikonse. Pa kilomita imodzi tayala lakale linkazungulira ka 546, latsopanoli likuzungulira ka 518 basi. Galimoto ikawerenga 518 imaganiza kuti kilomita sinakwane.

Kusiyanaku ndi 5.4 peresenti, ndipo kumakula pamodzi ndi liwiro. Singano ikaloza pa 50, galimoto ikuthamanga pafupifupi makilomita atatu pa ola kuposa momwe inkathamangira kale singano ili pomwepo. Pa 80 kusiyana kwapitirira anayi, pa 100 kwapitirira asanu. Zonsezi mwazigula ndi chiyani? Galimoto yakwera ndi theka chabe la kutalika komwe kwawonjezekera, mamilimita 16, osakwana n'komwe kunenepa kwa chala chachikulu.

Pano pali mfundo yomwe tiyenera kuinena mwachilungamo. Sipidomita yochokera ku fakitale kawirikawiri imaonetsa liwiro lokwererapo pang'ono kuposa lenileni. Amachita dala. Malamulo a bungwe la United Nations omwe mayiko ambiri opanga galimoto amatsata salola kuti singano ionetse liwiro lochepera pa lenileni, koma amalola kuti ipitirire, mpaka 10 peresenti kuphatikizapo makilomita anayi pa ola. Ndiye tayala lokulirapo limayamba ladya kaye kampata kameneka. Pa galimoto ina singano imangofika ponena zoona zenizeni, pa ina imadutsa n'kuyamba kuchepetsa. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi chizolowezi. Dalaivala amene wakhala zaka akudutsa pamalo a msika singano ili pa 55, podziwa kuti kamera ya apolisi apamsewu simugwira, tsiku lina adzaimitsidwa akulumbira kuti sanathamange. Iye adzakhala akunena zomwe anaona, kamera nayo ikunena zoona. Ndipo kupatula chindapusa, pamalo pomwe ana akuwoloka msewu makilomita ochepa amenewo amatalikitsa mtunda womwe galimoto imafuna kuti iime.

Ku mayileji nkhani yake imabisala kwambiri, chifukwa palibe wapolisi wokuimitsani. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310. Ndi matayala akuluakulu aja, mita yomwe kale inkalemba 310 idzalemba 294. Makilomita 16 asowa pa ulendo umodzi. Mukamadikira kuti mita ikwane 5,000 kuti musinthe oyilo, galimoto imakhala itayenda kale 5,270. Ndipo ngati mwathira malita 20 pa ulendowu, mita idzakuuzani kuti lita imodzi yakuyendetsani makilomita 14.7, pomwe zoona zake ndi 15.5. Anthu ambiri amadandaula kuti chisinthireni matayala galimoto yayamba kumwa mafuta. Mwina yawonjezadi pang'ono, poti tayala lalikulu ndi lolemera, koma gawo lina la dandaulolo ndi masamu olakwika a mita. Kwa bungwe kapena kampani yomwe imalipira dalaivala mafuta potengera mayileji, wolangika ndi dalaivalayo. Tayala laling'ono kuposa loyenera limachita zosemphana: singano imakokomeza liwiro, ndipo mita imakalambitsa galimoto msanga.

Limu yaikulu payokha si vuto. Pa Fit yomweyo, 185/55 R15 imatalika mamilimita pafupifupi 585, kusiyana ndi 583 kuja n'kosaoneka n'komwe, chifukwa limu yakula koma khoma lafupika. Chofunika ndi kutalika kwa tayala lonse, ndipo odziwa za matayala amalangiza kusapitirira 3 peresenti kuchoka pa saizi ya ku fakitale. Saizi imeneyo musaifunse pa matayala omwe ali pa galimoto, poti mwina mwini wake woyamba anasintha kale. Tsegulani chitseko cha dalaivala, nthawi zambiri pa mphuthu pamakhala kapepala komatidwa kolembedwa saizi ndi mpweya woyenera.

Ngakhale kutha kwa mano kumawerengedwa. Tayala latsopano limakhala ndi mano akuya pafupifupi mamilimita 8. Likatha mpaka kutsala 2, lafupika ndi mamilimita 12, omwe pa tayala la Fit ndi 2 peresenti. Ichi n'chifukwa chake kugula matayala a kaunjika limodzilimodzi, lina latsopanoko lina lopukutika, lina 65 lina 70, kumabweretsa mavuto ena. Mawilo akamazungulira mosiyana, nyale ya ABS ikhoza kuyaka pa dashibodi, ndipo pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, magiya ogawa mphamvu amavutika mpaka kuwonongeka.

Kudziyesera nokha sikufuna makaniko. Pezani msewu wowongoka, wopanda zitunda, gwirani singano pa 80 mosasuntha, ndipo mnzanu wokhala pambali, osati inuyo, ayang'ane liwiro lomwe GPS ya pa foni ikuonetsa. Dikirani masekondi angapo kuti nambalayo ikhazikike, kenaka bwerezani pa 50. Za mayileji, bwezani kamita ka ulendo pa ziro ndipo muyerekeze ndi foni mutayenda makilomita 20 kapena kuposerapo, chifukwa pa mtunda waufupi kusiyana sikuoneka bwino. Ngati foni yalemba 21 pomwe mita yalemba 20, chilichonse chomwe mita yanu ikunena muzichichulukitsa ndi 1.05, ndipo oyilo wa pa 5,000 muzimusintha mita ikafika pafupifupi pa 4,760.