Wakabaza amatsala ndi zingati dzuwa likamalowa?

Funsani wakabaza aliyense pa siteji kuti wapanga zingati lero, akutchulirani ndalama zonse zimene zalowa m'thumba. Koma ndalamazo eni ake ndi ambiri, ndipo woyamba kutenga gawo lake ndi petulo.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa njinga yamoto ku Lilongwe wanyamula anthu 20 pa tsiku, aliyense K1,500. Zonse pamodzi ndi K30,000. Ulendo uliwonse ndi wa makilomita atatu, ndiye wina angati wayenda makilomita 60. Apa mpamene ambiri amadzinamiza. Akatsitsa kasitomala, kawirikawiri amabwerera ku siteji yekha, ndipo njinga imamwa mafuta ngakhale kumbuyo kulibe munthu. Choncho makilomita enieni ndi 120.

Njinga ya 125cc yosamalidwa bwino imatha kuyenda makilomita pafupifupi 40 pa lita imodzi. Ndiye kuti tsikulo latha malita atatu. Mtengo wa pampu amaika ndi a bungwe la MERA ndipo umasinthasintha. Mu Novembala 2023, kwacha itangotsitsidwa mphamvu, petulo anafika pa K2,530. Ife tiwerengere K3,500 pa lita. Malita atatu ndi K10,500, zotsala K19,500.

Koma njinga ndi ya bwana, amene tinene kuti amafuna K8,000 tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula kaya kwacha bwino. Chotsaninso K500 ya pa siteji, K2,000 ya nsima ya masana, ndi K2,000 yosungira oyilo, matayala ndi tcheni. Yomalizayi ndi imene anyamata amaiwala mpaka tsiku limene tayala laphulika. Zopita nazo kunyumba ndi K7,000.

Nanga petulo akasowa pa pampu, n'kukagula wa m'zigubu pa K6,000? Malita atatu aja tsopano ndi K18,000. K7,000 yonse yapita, ndipo mnyamata watsala ndi ngongole ya K500 atakhetsa thukuta tsiku lonse. Kuti apeze phindu lake lakale, ayenera kuwonjezera K375 pa munthu aliyense. Ife okwera timangoti kabaza wadula, osadziwa kuti masamu ake ndi amenewa.

Kuti mudziwe mmene njinga yanu imamwera, dzazani thanki m'mawa, lembani makilomita amene akuoneka pa mita, madzulo dzazaninso. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene mwathira. Mukapeza 30 m'malo mwa 40, onani mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya ndi pulagi, ndipo muganizenso za chizolowezi chokweza anthu awiri ndi thumba la chimanga. Pa makilomita 120, kusiyana kumeneku ndi lita yathunthu tsiku lililonse.

Ndipo musanatchule mtengo wa ulendo wopita kutali, dzifunseni kaye ngati kumeneko mukapeze wobwerera naye.