Nambala imene imasunga kapena kufafaniza nkhope ya agogo

Tiyerekeze kuti banja lina lili ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo awo amene anatisiya kale. Chinajambulidwa ku situdiyo, chafiira m'mbali, ndipo mdzukulu akufuna kuchikonza kuti chikapachikidwe pabalaza. Akuchijambula ndi foni, akuchilowetsa mu pulogalamu ya Stable Diffusion, akulemba mawu ofotokoza kuti akufuna chithunzi chowala cha mayi wachikulire wovala duku, kenako akudina. Chimene chikutuluka n'chokongola. Duku lili pamalo pake, mutu wapendekeka monga kale, koma nkhopeyo si ya agogo.

Chachititsa zimenezi ndi nambala imodzi yoyambira pa 0 kulekeza pa 1. Mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111, patsamba la `img2img`, imalembedwa kuti `Denoising strength` ndipo imayamba ili pa 0.75. Amene amalemba okha malamulo a kompyuta pogwiritsa ntchito `diffusers` amaipeza ngati `strength`, ili pa 0.8. Ambiri amaisiya momwemo osaikhudza, ndipo nkhope imatayikira pamenepo.

Kuti timve bwino, tione kaye mmene pulogalamuyi inaphunzirira kujambula. Stable Diffusion inatuluka mu 2022, ndipo inaphunzitsidwa ntchito imodzi: kuchotsa timadontho tachisawawa pa chithunzi. Ophunzitsa ankatenga zithunzi zenizeni n'kumazithira timadontho totere, zina pang'ono, zina mpaka zosaonekanso, pa makwerero 1,000. Pulogalamu inkayeseza kulosera chimene chabisika pansi pake. Ikapatsidwa mawu okha popanda chithunzi, imayambira pa timadontho tokhatokha n'kumatichotsa pang'onopang'ono mpaka chithunzi chatsopano chitaoneka.

Mukaipatsa chithunzi chanu, imayamba ndi kuchiwononga dala. Imachithira timadontho mpaka pa mlingo umene mwasankha, ndiyeno imayamba kuyeretsa kuchokera pamenepo. Njirayi anaifotokoza Chenlin Meng ndi anzake mu 2021, pa kafukufuku wotchedwa SDEdit. Choncho nambala ija ikunena kuchuluka kwa chithunzi chanu kumene kufafanizidwe ntchito yojambula isanayambe. Imasankhanso kutalika kwa ntchitoyo: mu `diffusers`, ngati mwapempha masitepe 50 ndipo `strength` ili pa 0.3, pulogalamu imayenda masitepe 15 omaliza okha. Pa 0.8 imayenda 40. Pa 1, chithunzi chanu chimatsala pang'ono kutheratu, ndipo mawu amene munalemba ndiwo amalamulira.

Zili ngati mapazi a munthu pa mchenga mphepo ikamawomba. Poyamba pamafafanizika tizizindikiro ta zala, koma njira imene munthuyo analowera imaonekabe kwa nthawi yaitali. Timadontho tija timatero ndi chithunzi: timameza kaye zinthu zing'onozing'ono, pamene zikuluzikulu, monga pomwe pali mutu, mtundu wa chovala ndi mbali imene kuwala kukuchokera, zimakhalitsa. Tsoka lake n'lakuti chimene chimatizindikiritsa munthu chili mu zing'onozing'onozo. Timadziwa agogo chifukwa cha mmene chikope chawo chimagwera, kupindika kwa mlomo wam'mwamba, mpata wa pakati pa mano, makwinya a pambali pa mphuno, kapena mphini za pa tsaya. Zikamira mu timadontho, pulogalamu ilibe poziona, chifukwa chithunzi choyambirira sichikhalanso patsogolo pake pamene ikuyeretsa. Imadzaza mipatayo ndi zimene inazolowera pa zithunzi zochuluka za pa intaneti. N'chifukwa chake nkhope yotulukayo imakhala yosalala, nthawi zambiri yooneka yachitsikana kuposa mwini wake, ndipo mphini zimatha kufufutidwa ngati kuti zinali zokalika za pa pepala.

Anthu ambiri amaganiza kuti 0.5 imasiya theka la nkhope. Sizili choncho, chifukwa timadontho sitiwonjezeka mofanana pa makwerero onse. Mu Stable Diffusion 1.5, masitepe akatalikirana mofanana, pa 0.3 mphamvu ya chithunzi choyambirira imatsala pafupifupi magawo 59 pa 100 alionse a chosakanizacho. Pa 0.5 imatsala pafupifupi 28, ndipo pa 0.75 imatsala pafupifupi 6 basi. Mdzukulu uja anasiya nambala pa 0.75, ndiye kuti pulogalamu inalandira chithunzithunzi chabe cha mutu ndi duku. Inachita bwino ntchito imene inapatsidwa, koma agogo anali atachoka kale pa chithunzicho isanayambe n'komwe.

Palinso china chimene chimachitika nambala ija isanagwire ntchito. Pulogalamuyi siigwira ntchito pa chithunzi chenicheni. Imayamba yachifinya ka 8 m'litali ndi m'lifupi, moti chithunzi cha mapikiselo 512 mbali zonse chimasanduka timabokosi 64 mbali zonse, ndipo kumapeto imachifutukulanso. Nkhope yodzaza chithunzi chonse imapeza timabokosi tambiri tosungira maonekedwe ake. Koma pa chithunzi cha ukwati chokhala ndi anthu makumi awiri, nkhope imodzi ikhoza kukhala mapikiselo 48 m'lifupi, kumene ndi timabokosi 6 tokha. Maso, mphuno ndi pakamwa zimapanikizana m'menemo, ndipo nkhope yotere imatha kupotoka ngakhale nambala itatsitsidwa kwambiri. Motero 0.4 imene yasunga bwino munthu wojambulidwa pafupi ikhoza kusintha abale onse pa chithunzi cha gulu.

Nanga mdzukulu achite chiyani? Choyamba adule chithunzicho kuti nkhope ikhale yaikulu. Kenako aike `seed` pa nambala imodzi yosasintha, kuti timadontho tikhale tomwetomweto pa mayesero onse, ndipo asinthe `strength` yokha: 0.2, 0.3, 0.4, 0.5. Kawirikawiri pa 0.2 ndi 0.3 litsiro laling'ono la pa pepala limachepa, nkhope n'kukhalabe yomweyo, ngakhale khungu limayamba kusalala. Chapakati pa 0.4 ndi 0.5 maso ndi milomo zimayamba kusuntha, ndipo wotulukayo amafanana ndi mchemwali wa agogo. Kupitirira 0.6, ndi mlendo wovala duku lawo. Malire enieni amasiyana malinga ndi modelo ndi kukula kwa nkhope, n'chifukwa chake kuyesa motsatizana kumaposa kuloweza nambala imodzi.

Poweruza zotsatira, asayang'ane kukongola. Aike chithunzi chakale ndi chatsopano pambalipambali, akuze, n'kuyerekeza kutalikirana kwa maso, kukula kwa mphuno, makutu, mano ndi kuderako kwa khungu. Ine ndimaona kuti woweruza wabwino koposa ndi munthu amene anakhala ndi agogowo, chifukwa diso la amene wakhala pa kompyuta nthawi yaitali limazolowera nkhope yatsopanoyo n'kuyamba kuivomereza.

Vuto limene nambalayi siingathetse ndi lakuti mlingo wotsika umene umasunga nkhope umasunganso ming'alu ikuluikulu ndi khoma lakuda la kumbuyo. Mukakweza kuti izi zichoke, nkhope imapita nazo. Njira yake ndi kugawa ntchito. Patsamba la `Inpaint` mumapaka malo okhawo amene mukufuna kuti asinthe, monga khoma kapena ngodya yong'ambika, n'kukweza nambala pamenepo, nkhope osaipaka. Koma ngati mng'alu unadutsa pa diso lenilenilo, chilichonse chimene pulogalamu idzaikepo ndi chongopeka, ndipo banja liyenera kuuzidwa zimenezo.

Musanapachike chithunzi chokonzedwacho, kachionetseni kwa mwana wa agogowo kapena kwa mnzawo wakale, osawauza kuti ndi ndani. Akazengereza kutchula dzina, tsitsani nambala muyambirenso, ndipo chithunzi choyambiriracho musachitaye.